Chitseko cha wodilopu

Amuna anga anali wojambula mapulani a nyumba pa kampani ina ya boma. Kampaniyo itagulitsidwa ntchito inatha, ndipo tinasamukira ku komboni ya Lilanda, m'zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ya munthu, ife awiri ndi mwana wathu mmodzi wamkazi. Poyamba sitinavutike kwenikweni. Inali nthawi ija nyumba za kanselo zinkagulitsidwa kwa okhalamo, ndipo ku Matero, komboni yoyandikana ndi yathu, aliyense amene wagula nyumba ankafuna kuwonjezera chipinda cha lendi. Onsewo ankafuna pulani, ndipo amuna anga ankajambula pamanja.

Kenako manjawo anayamba kukana. Zala zinachita dzanzi, peni inkanjenjemera, inki inkadontha pa pepala lomwe agwirapo ntchito tsiku lonse. Anayambanso kuonda. Matenda ake sitinkawatchula dzina, masiku amenewo palibe ankatchula, koma tonse awiri tinkaona kumene zikulowera.

Mantha awo anali pa mwana. Abale awo a ku Migodi, dera lakutali lokumba kopa kumene amalankhula Chibemba, sanandikonde chiyambire, ankati ndine mwana wa anthu obwera, popeza bambo anga anachokera ku Malawi kudzafuna ntchito. Amuna anga ankadziwa kuti akadzangotseka maso, abalewo adzafunsa kuti mwanayu ndimudyetsa chiyani, ndipo ndikadzasowa yankho adzapita naye.

M'malo mogona monga odwala ena, iwo anayamba kutolera zinyalala. Makampani ogwa ankataya katundu wa m'maofesi, ndipo iwo ankabwera ndi mapulinta akale aja olira ngati macheka, ena atawatola kufupi ndi dzala la ku Chunga. Kompyuta yakale anaipeza pa okoshoni. Ine zinkandinyansa. M'nyumba munalibe popondera, ndiwo kulibe, munthu ali kalikiliki kumasula tizitsulo.

“Imwe, tizadya vinsimbi?” ndinawafunsa tsiku lina, ndikuloza zitsulozo.

“Muzadya ivi vamene,” anandiyankha osadzutsa mutu. “Ku nchito kunali mashini yamene inali kujambula yeka. Nizapanga yanga.”

M'mapulintamo ankafunamo mamota, malamba a mano ndi ndodo zachitsulo zosalala zomwe mutu wa pulinta umatsetserekapo. Mamota amenewa sazungulira mothamanga ngati a fani. Ali ndi makoyilo angapo a waya wokulungiza mkati, ndipo magetsi akamalowa m'makoyilowo motsatizana, mota imatembenuka kasitepe kamodzi kamodzi, kofanana nthawi zonse. Mukatembenuza dongosolo la makoyilo, imabwerera m'mbuyo. Mota imodzi inkakoka mkono wonse wa makina awo ojambulirawo chotalika, ina inali pa mkonowo n'kumakoka peni chopingasa, ndipo kamaginito ka magetsi kankakweza ndi kutsitsa peniyo. Mawaya ankachokera kumbuyo kwa kompyuta, polumikizira pulinta, n'kudutsa pa kabolodi ka matiranzisita. Kuwotcherera kabolodiko ndinachita ndine, iwo akungoloza, poti zala zawo zinali zitasiya kumva.

Chinavuta chinali pokhazika zonsezi. Pankafunika thabwa losalala kwenikweni, lopanda chigwa kapena linunda, apo ayi peni imadumpha malo ena. Tebulo lathu linali lopindika. Anayang'anayang'ana m'nyumba, maso awo n'kugwera pa wodilopu yathu ya ukwati, yomwe inali ndi zitseko za fomaika, zosalala ngati galasi. Anamasula chitseko chimodzi. Ndinalongolola sabata yonse, kenako ndinapachika chitenje pamalopo n'kuiwala.

Tsiku limene makinawo anajambula koyamba, ndinaseka mpaka misozi. Chinthu chonyansa chija, mawaya ali yangayanga, chinalira mokukuta, peni n'kutsika, n'kuyenda yokha, n'kutseka bokosi la ngodya zinayi pamalo penipeni pomwe inayambira. Mwana anabisala kumbuyo kwanga, ati muli chiwanda.

Atatero anayamba kundiphunzitsa, ndipo sanali mphunzitsi wachifundo. Ine ndinalekeza sukulu pakati, koma malangizo opatsa makinawo anali ochepa: kweza peni, tsitsa peni, pita pa manambala awiri awa, yoyamba ya chotalika, yachiwiri ya chopingasa. Ndinkapita ndi tepi kukayeza nyumba ya munthu, n'kusandutsa miyezoyo manambala, n'kuwataipa mzere ndi mzere. Pulogalamu yomwe analemba iwo inkawerengera kuti mota iliyonse iponde masitepe angati, ndipo mzere ukakhala wopendekeka inkasinthanitsa masitepe a mamota awiriwo. Chomwe ankandibwerezera mpaka kunditopetsa chinali chimodzi: makinawo amangowerenga masitepe.

“Iyi mashini ilibe menso. Imapenda chabe masitepe. Musanayambe, kankhani peni pa kona na manja. Ikagwila penapake, mota izalumpha masitepe, koma kompyuta sizaziba. Vonse vamene vikonkapo vizankala pa malo yolakwika.”

Ndinaphunzira. Pamene ankalephera kudzuka pabedi, mapulani onse ankatuluka m'manja mwanga, iwo akungoyang'ana pepala n'kugwedeza mutu. Madzulo ena anandiuza zomwe ankayembekezera. Anati abale awo adzatenga firiji, bedi, wailesi, ndipo ndisadzalimbane nawo. Anati kompyuta yokha ndidzabise. Za makinawo anaseka, ati palibe munthu wamaso angasirire mulu wa zinyalala wotero, n'chifukwa chake sanawapake ngakhale penti.

Anamwalira nthawi yozizira. Maliro asanamveke patali, amayi awiri a kumpingo kwathu ananyamula kompyuta m'beseni lochapira, zovala pamwamba, n'kukaisunga kwa mmodzi wa iwo. Makinawo tinangowaimika kukhoma n'kuwafunditsa thumba. Tinkadziona ochenjera.

Titaika maliro, achibale anakhala pansi kugawa katundu wa malemu, monga zinkachitikira masiku amenewo. Ine ndinali pamphasa pakona, nditafunda, wamasiye salankhula. Wotsogolera anali mkulu wake wa amuna anga. Firiji inatuluka, bedi linatuluka, mipando inatuluka, ine osalimbana nawo monga amuna anga anandiuzira. Wodilopu inapatsidwa kwa mkuluyo. Ataichotsa chitenje chija anaima.

“Ba mulamu, chiseko chinangu chili kuti?”

Ndinalephera kunama. Maso anga anapita okha kukhoma kuja. Anavundukula thumba, n'kuona chitseko chake chili ndi zitsulo pamwamba.

Apa ndinaswa mwambo. Ndinagwada, ndinalankhula. Ndinati atenge chilichonse, ndidzawapangitsira chitseko china kwa kalipentala, koma ichi asachigwire, ndi chimene ndidyetsere mwana. Azilamu anga aakazi anayamba kung'ung'udza kuti dothi la kumanda silinaume, mkazi ali kale pa katundu. Mkuluyo sanakalipe, ndipo mpaka lero ndikanakonda akanakalipa. Anandiyankha mofatsa ngati akulankhula ndi mwana.

“Vinsimbi vanu sitifuna, mulamu, tizakusiyilani vonse. Ise tifuna chabe chiseko. Wodilopu ingayende bwanji na chiseko chimozi?”

Masikulu omangira zitsulo pa chitsekocho anali ang'onoang'ono, a m'mapulinta, ndipo chomasulira chake sanachipeze. Anatuma munthu kukatenga chitsulo chochotsera matayala m'galimoto yomwe anabwera nayo. Analowetsa chitsulocho pansi pa ndodo yaitali n'kukanula. Ndinamva kulira kwa fomaika ikung'ambika. Atamaliza anasonkhanitsa mamota, malamba ndi ndodo bwinobwino, n'kundiikira pamphasa pafupi ndi mapazi anga, ngati munthu wachilungamo amene sanatenge cha mwini.

Asananyamuke anatchula za mwana. Anati amusiya kaye, aone ngati ndikwanitse.

Ndinayesa, Mulungu ndi mboni. Ndinagula pulayiwudi pamsika, ndinamanganso zonse mmene ndinkakumbukira, ndinakatenga kompyuta kwa amayi aja. Ntchito inalipo kale: mayi wina wogulitsa mafiritasi, timandasi tija, ku Matero, yemwe nyumba yake ndinali nditaiyeza maliro asanachitike. Ndinakankhira peni pakona, n'kuyatsa. Mamota analira monga kale, mtima wanga n'kukhala m'malo. Koma mkono utafika pakati unagwira. Mota inanjenjemera pamalo amodzi, kenako n'kupitirira ngati palibe chachitika. Pobwerera inagwiranso, koma sinataye masitepe ofanana. Khoma lomaliza la chipinda linadutsa pambali pa ngodya yake, zenera linakagwera panja pa nyumba.

Ndodo inali itapindika. Ndi maso simukanaona, koma poigubuduza pagalasi inkavina. Ndinachepetsa liwiro monga anandiphunzitsira. Ndinathira mafuta a makina osokera. Wokonza mawailesi wina anaiwongola ndi hamala, n'kuisiyira timabala tomwe tinaipitsiratu zinthu. Ndinayenda m'mashopu okonza makina a m'maofesi m'tauni, ndinafika mpaka ku Chunga, ine mkazi wovala zakuda kufukula zinyalala. Mapulinta aatali otero sindinawapeze. Omwe ndinapeza anali aafupi, ndodo zake zosakwana pepala la pulani, zina zadzimbiri. Kwa osula zitsulo ananditchulira mtengo womwe sindikanautha, ndinangotuluka.

Kujambula pamanja sindinkadziwa. Amuna anga anandiphunzitsa manambala, dzanja analibe nthawi yoliphunzitsa. Izi zinkandipweteka koposa: pulani yonse inali m'kompyuta, yolondola, khoma lililonse pamalo pake, koma njira yoitulutsira pa pepala lalikulu kunalibe.

Mayi wa mafiritasi anabwera kawiri. Kachiwiriko ndinamuonetsa mapepala owonongekawo kuti aone kuti sindikunama. Anawayang'ana nthawi yaitali, anandigwira dzanja, nati ndisadandaule, adikira. Patapita milungu ingapo ndinadutsa kwawo pa minibasi, ndinaona njerwa zafika kale pa mawindo. Sindimuimba mlandu. Ena onse anachitanso chimodzimodzi, mbiri inafala kuti makina a wamasiye uja anafa pamodzi ndi mwini wake.

Ndinayamba kugulitsa tomato pamsewu, pakati pa amayi ena ambirimbiri ogulitsa tomato yemweyo. Tinasiya chipinda chimodzi, tinatsala ndi chimodzi. Mwana anasiya kupita kusukulu, ndipo tsiku lina ndinamupeza akunyambita m'poto wa anthu oyandikana nawo. Mlamu wanga wamkazi atabwera kudzationa mvula itayamba, sanafunike kulankhula zambiri. Anayang'ana mikono ya mwanayo, anayang'ana ine. Kwawo kunali chakudya ndi sukulu, ndipo zimenezo zinali zoona. Ndinamulongedzera ndekha tizovala take m'pepala la pulasitiki.

Pokwerera mabasi m'tauni mwana anatulutsa mutu pawindo.

“Mami, muzabwela kunitenga liti?”

“Mashini ikapola,” ndinatero.

Anagwedeza mutu, wokhutira, chifukwa anali ataona ndi maso ake ine ndikukonza zinthu zambiri. Sindinapite kukamutenga. Anakulira komweko, anaphunzira, anakwatiwa, ndipo ndi munthu waulemu. Akandiimbira foni amalankhula Chibemba, ine ndimayankha Chinyanja, ndipo azakhali ake aja ndi amene amawatcha mayi.