Payipi ya mlongo wanga

Ku St Mary's kwathu, komwe anthu ambiri amalankhula Chishona, madzi apampopi amatha sabata osabwera. Loweruka lililonse bambo ankabwereka kagalimoto ka aneba kukatunga kumjigo wa ku Unit K, ndipo wopita nawo ndinali ine. Ndinkakhala kutsogolo, tikucheza Chichewa chokhachokha, iwo akunditchula kuti “dokotala wanga” chifukwa ndimakhoza sayansi. Mpando umenewo ndinkaukonda kuposa nsapato zanga zatsopano.

Tsiku lina tinabwerako ndi mgolo wodzaza, uja wotseka pamwamba wokhala ndi kabowo kamodzi. Anyamata amene ankatithandiza kuutsitsa anali atapita kumpira, msana wa bambo ukuwawa, aneba akufuna galimoto yawo.

“Dokotala, ganiza nzeru,” anatero bambo.

Ndinaganiza, koma mutu unangoti zii.

Mlongo wanga wamng'ono, amene masamu amamugwetsa chaka ndi chaka, analibe nazo ntchito. Iye linamuvuta ndi ludzu basi. Anatenga chidutswa cha payipi yothirira ndiwo zamasamba, n'kulowetsa mbali imodzi m'kabowo mpaka pansi pa mgolo. Kenako anakhala pansi pafupi ndi tayala n'kuyamba kuyamwa mbali inayo. Madzi atamutsamwa anataya payipiyo akutsokomola, koma madzi sanasiye kutuluka.

“Baba, mvura!” anakuwa m'Chishona kutanthauza madzi, poti Chichewa ankachimva koma kulankhula kunkamuvuta.

“Ndowa! Bweretsani ndowa!” anatero mayi.

Mtima unandiwawa. Zimenezi tinaphunzira chaka chatha, ndinajambula ndi chithunzi chomwe m'kope. Pofuna kuti nane ndioneke, ndinalanda payipi n'kukwera m'galimoto ndi chigubu, ati ndithire bwino osataya. Nditangokweza kukamwa kwa payipi kupitirira pamene madzi analekezera mumgolo, anasiya kutuluka n'kubwerera.

“Iwe, wawononga!” anatero mayi.

Mwanayo anandilanda, nayamwanso ali pansi, madzi n'kuyambiranso. Anayesa kukweza pang'onopang'ono, madzi akuchepa mphamvu. Atatsitsa, madziwo anathamanganso.

“Sisi, amafuna pansi,” anatero, Chichewa chake chokhotakhota. Sankandinyoza n'komwe, ndipo chimenecho ndicho chinandipweteka kwambiri.

Pamenepo zonse zinabwerera m'mutu mwanga. Ndinayamba kufotokoza kuti payipi iyenera kudzaza madzi popanda mpweya, ndi kuti potulukira pakhale mmunsi kuposa madzi a mumgolo. Palibe anamva. Onse anali kalikiliki ndi ndowa. Mgolo utapepuka, bambo anautsitsa ndi dzanja limodzi n'kusisita mwana wawo kumutu.

“Injiniya wanga,” anatero.

Loweruka lotsatira ndinavala msanga, koma ndinapeza mlongo wanga ali kale kutsogolo, payipi ataikulunga pamiyendo.

“Lero utsale uwerenge, dokotala,” anatero bambo mokoma mtima.

Ndinatsala. Ndinatsegula kope lija, chithunzi chili pomwepo, chokongola, ndi chizindikiro chofiira cha aphunzitsi chakuti ndinakhoza. Ndinachiyang'ana mpaka phokoso la galimoto litazimiririka, kenako ndinapita kukatsuka ndowa kuti akazipeze zoyera.