Mayi Makiyi akana kubwerera ku ngolo

Kuhotela ankawatchula kuti Mayi Makiyi, chifukwa munthu unkamva kulira kwa makiyi m'chiuno mwawo iwo asanatulukire pakona. Ngakhale zitseko zitayamba kutsegulidwa ndi makadi, dzinalo silinachoke.

Analowa ntchito ali mtsikana, akukankha ngolo ya mashiti ndi matawulo, kuyala mabedi ndi kukwecha mabafa mpaka mawondo kuchita zikang'a. Kenako anakhala supavayiza wa zipinda za pa nsanjika imodzi, ndipo pomaliza anali mkulu wa dipatimenti yonse yosamalira zipinda ndi kochapira. Ankakonza ndandanda ya mashifiti, kulemba anthu ntchito, kuwaphunzitsa, ndi kukangana ndi ogulitsa sopo. Akalowa m'chipinda choti chakonzedwa, sankayang'ana bedi ayi. Ankapititsa chala pamwamba pa chitseko kuona ngati pali fumbi. Amuna awo, omwe ndi telala ndipo amasokera pakhonde, ankadandaula moseka kuti iwo okha ndi mlendo amene amayala yekha bedi koma n'kumadzudzulidwa.

Hotelayo itagulitsidwa, eni atsopano anaitseka kuti aimangenso, ndipo antchito onse anauzidwa kuti apite. Mayi Makiyi anakhala pakhomo miyezi ingapo. Anachapa makatani omwe anali oyera kale. Anatumiza makalata ofunsira ntchito m'malo osiyanasiyana, koma kunali zii. Mng'ono wawo, yemwe ndi mphunzitsi, anawatsegulira tsamba pa intaneti pomwe anthu ofuna ntchito amalembapo mbiri yawo.

Tsiku lina chakum'mawa, akupukuta mawindo, foni inalira. Unali uthenga wochokera kwa mayi wina wa kukampani yopezera anthu ntchito. Analemba mwaulemu kuti aona mbiri yawo, ndipo hotela ina yatsopano ikufuna anthu oyeretsa m'zipinda. Ngati ali ndi chidwi, ayankhe sabata isanathe.

Anauwerenga ataimirira, kenako anakhala pansi n'kuuwerenganso. Inali ntchito ya ngolo, yomwe anaisiya mwana wawo woyamba akuyamwa. Poyamba mtima unawawa. Koma chomwe chinawagwira kwambiri ndi mantha. Anaganiza kuti mwina anthu odziwa za ntchito awayeza n'kupeza kuti pa msinkhu wawo, apa ndi pomwe afika.

Madzulo ake mng'ono wawo anabwera, ndipo nkhaniyo inakambidwa pakhonde, makina osokera ataima. Mng'onoyo anakwiya kuposa mwini wake. Anati uthenga wotero suyankhidwa, ungofufutidwa basi. Atelala sanafune kuoneka ngati akukankhira akazi awo ku ngolo, komabe ananena chapansipansi kuti ntchito ndi ntchito, ndipo munthu akalowa mkati mabwana amamuona okha.

Mayi Makiyi anapukusa mutu. Iwo anakhalapo mbali inayo ya tebulo, akulemba anthu ntchito. Ankadziwa zomwe ankaganiza munthu wodziwa zambiri akabwera kudzapempha ntchito yaing'ono: uyu akungofuna pobisalira mvula, akapeza pabwino athawa. Ankadziwanso kuti supavayiza wachinyamata sangamasuke kulamula munthu yemwe akuona zolakwa zake zonse. Ndipo mawondo awo sakanapirira zipinda zonse zomwe munthu mmodzi amapatsidwa pa tsiku. Koma kukhala chete kunawaopsanso, chifukwa m'miyezi yonseyo, uyu yekha ndi amene anawalembera.

Kutacha analemba yankho. Loyamba linatuluka laukali, lodzaza ndi mafunso oti kodi mayiwo anawerenga n'komwe. Analifufuta. Lachiwiri linali lopepesa kuyambira pamwamba mpaka pansi, ngati iwo ndi amene alakwa. Atelala atalimva anati likumveka ngati munthu woswa mbale ya eni ake. Lachitatu ndi lomwe anatumiza:

"Zikomo pondiganizira. Ntchito mwatchulayi ndi yomwe ndinayambira, koma kwa zaka zambiri tsopano ndakhala mkulu wa dipatimenti, kuyang'anira masupavayiza, kochapira, kuphunzitsa antchito ndi bajeti. Choncho iyi sindiitenga. Ngati hotelayi kapena makampani ena omwe mumawathandiza akufuna munthu wa udindo wotere, ndingakondwe kukambirana nanu. Ndaikapo sivi yanga, yomwe ili ndi mbiri yonse ya ntchito zanga."

Atatumiza, anaika foni m'kabati ya mbale kuti asamangoiyang'ana, n'kupita kukathandiza amuna awo kusokerera mabatani. Mabatani awiri anawasokera pamalo olakwika.

Mayi wa kukampani uja anaimba mawa lake masana. Anali womasuka polankhula, ndipo sanazungulire. Anafotokoza kuti hotelayo inawatuma kupeza oyeretsa ambiri nthawi imodzi, ndiye anangofufuza pa tsamba lija aliyense amene analemba mawu oti kusamalira zipinda, n'kuwatumizira onse uthenga umodzimodzi. Pamwamba pa mbiri ya Mayi Makiyi panalembedwa mawu okhawo, popanda udindo, ndipo m'munsimo iye sanafikemo.

"Ndiye simunandione kuti ndakalamba?" anafunsa Mayi Makiyi.

"Mayi, kunena zoona sindinakuoneni n'komwe. Ndakuonani dzulo, nditatsegula sivi yanu."

Mayi Makiyi anaseka mpaka atelala anaimitsa makina n'kusuzumira pawindo.

Mayiyo ananenanso kuti hotela yatsopanoyo inapeza kale mkulu wa dipatimenti, ndipo analibe chowalonjeza. Anangowafunsa malipiro omwe angavomere, ngati angagwire ntchito kunja kwa mahotela, komanso tsiku lomwe angayambe. Anawalangiza kuti akonze mzere wapamwamba uja kuti udindo wawo uzioneka poyamba. Mng'ono wawo atamva kuti mzerewo ndi womwe unasokoneza, anati iye analemba zomwe achemwali ake anamuuza, ndipo mlandu sungamugwere. Anaukonza tsiku lomwelo, akung'ung'udza.

Ntchito sinabwere msanga. Panapita masabata angapo, koma Mayi Makiyi anasiya kuchapa makatani. Anayamba kuimbira anzawo akale n'kumawauza mosabisa ntchito yomwe akufuna, chinthu chomwe poyamba ankachita nacho manyazi.

Kenako mayi uja anaimbanso. Chipatala china chomwe si cha boma chinkafuna woyang'anira oyeretsa ndi ochapa. Gulu lake linali locheperapo kuposa la kuhotela, malipiro otsikirako pang'ono, koma udindo unali wa msinkhu wawo. Pa intaviyu anavomera kuti za kupewa matenda m'mawodi sakuzidziwa bwino, koma kuyendetsa anthu ndi kochapira akukudziwa. Anawatenga, n'kuwauza kuti ayamba ndi maphunziro.

Tsiku loyamba, nesi wamkulu anawayendetsa m'mawodi. Anawaonetsa kuti nsalu zopukutira zili ndi mitundu yake: ya kuchimbudzi sifika pafupi ndi bedi la wodwala, ndipo mashiti a odwala matenda opatsirana amaikidwa m'thumba lawolawo. Mayi Makiyi ankafunsa mafunso ngati mwana wasukulu. Atafika kochapira, anapeza makina amodzi akugwedezeka ngati athawa, ndipo wochapa anati akhala akutero kuyambira kale.

"Mwawadzaza mbali imodzi, achimwene," anatero akupinda manja a bulauzi. "Azimitseni, titulutse tione."