Dzina pa pepala la mayeso

Sukulu ndinayamba mochedwa, ndevu zili pafupi kumera, ndipo ndinkakhala benchi limodzi ndi mng'ono wanga. Iye ndiye anasankhidwa kupita ku sekondale, ine ndinalephera. Bambo anati apite wamkulu, choncho ndinakwera sitima pa Golomoti nditatenga dzina la mng'ono wangayo, mwini wake n'kutsala akuwedza usipa.

Mayeso otsatirawo ndinakhoza, ntchito ndinagwira mpaka kupuma, koma kutulo ndimalembabe. Ndimamva belu ndili kutali, miyendo n'kulemera ngati ndaponda m'matope a kudambo. Ndikalowa, anzanga amakhala akumaliza. Woyang'anira amangoti, "Madala, lembani dzina lanu." Cholembera chimakana, ndipo sindidziwa kuti ndilembe dzina liti. Kenako ndimadzuka m'mamawa.

Malotowa sabwera chisawawa. Amabwera ndikatsala pang'ono kukamuona mng'ono wanga ku Mtakataka, kumene akudwala tsopano. Ulendo uliwonse ndimakonzekera mawu opepesa mu minibasi. Ndikafika amamwetulira n'kunena kuti, "Achimwene ophunzira afika, apatseni mpando." Ndimakhala pampandopo, n'kuyamba kumufunsa za mvula.