Mabisiketi a m'beseni

Mwana wa makolo a kum'mawa wosadya nsawa! Anthu pa Chinyunyu ankaseka mpaka kugwira nthiti. Koma mwana wanga wamkazi anali wotero. Ali wamng'ono ananyambita chiponde pa chala changa, milomo n'kutupa, maso n'kutsekeka, mpweya n'kumatuluka movutikira. Tinathamangira naye ku kiliniki pa lole ya makala, ine ndikulira njira yonse.

Atamubaya jakisoni, anesi anandikhazika pansi n'kundionetsa pepala la chokoleti. Zinali zaka zija katundu wa ku Joni atangodzaza m'mashopu. "Amayi, muziyang'ana mawu awa: may contain traces of nuts, kapena peanuts. Akutanthauza kuti nsawa sanaikemo dala, koma ku fakitale komweko amapanganso za nsawa, ndiye tizidutswa tingalowemo. Ndi maso simungatione. Mukaona mawuwa, mwana asadye."

Ine sukulu ndinalekezera panjira, koma mawu amenewo ndinawasunga ngati dzina langa.

Pamsewu ndinkagulitsa tomato ndi nthochi. Pafupi nane panali kantemba ka amayi ena a mpingo wathu, ogulitsa mabisiketi, sopo ndi shuga. Aneba amenewa ndi ine tinali mphaka ndi galu. Basi ikaima tinkalimbirana makasitomala, ndipo pakamwa panga, ndivomere, sipachedwa kupsa. Akandiona ndikutembenuza paketi, ankati, "Mwayambanso kuwerenga nyuzipepala? Mwanayu mukumulera ngati dzira!" Ine ndinkawayankha zoti sindingazilembe pano.

Khirisimasi ina mpingo unakonzera ana phwando. Mapemphero atatha masana, ana anafola pansi pa mtengo, ndipo azimayi anatulutsa beseni lodzaza mabisiketi. Anali atawakhuthula kale, opanda pepala ngakhale limodzi. Mwana wanga anali pamzere, atavala diresi latsopano, akundiyang'ana ndi maso opempha. Paukwati, pamaliro, kusukulu, iye ndiye ankakhala pambali anzake akutafuna. Tsiku limeneli anali atalinena mwezi wonse.

"Katoni yake ili kuti?" ndinafunsa.

"Aa, imwe, lero lokha musiyeni mwana adye," anatero amayi a abusa. "Taonani, mulibe nsawa umu."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndikalipe, koma aneba aja anandigwira mkono. Mabisiketiwo anakaoda ndi iwo ku Lusaka, ndipo katoni anali atatsekera bowo la kantemba kawo. "Ana adikire," anatero, n'kumanga chitenje, uyo liwiro kumsewu. Thupi lonse lija! Anabwera ali wefuwefu, katoni ili m'manja, misomali ikadali momwemo.

Ndinayamba kuona deti, ndipo ndinakuwa: "Mayo ine! Tsiku linapita kale, mupha ana onse!"

"Khalani chete inu, mai," anatero aneba aja. "Apa alemba best before. Likapita tsiku limenelo chinthu chimangochepa kukoma, bisiketi mwina n'kufewa. Loopsa ndi use by, la pa poloni ndi mkaka wa m'firiji. Limenelo likadutsa musadye. Fufuzani mawu anu aja."

Tinawerama tonse awiri, mitu kugundana. Chala changa chinayenda pa tizilembo ting'onoting'ono pansi pa mndandanda wa zosakaniza, mpaka chinaima. May contain traces of peanuts.

Mwana wanga sanafunse n'komwe. Anangoona nkhope yanga, n'kutuluka yekha pamzere, kukakhala pa muzu wa mtengo. Sanalire, ndipo zimenezo n'zimene zinandipweteka koposa.

Aneba anamuyang'ana, kenako ananyamula beseni lonse n'kuliika pamutu. "Awa adya akuluakulu ndi tiyi. Mano awo ndi otha kale." Anthu anaseka, ena anang'ung'udza, iwo osacheuka. Anabwerera ku kantemba n'kubwera ndi mapaketi onse a mabisiketi osakoma kwenikweni aja, amene mwana wanga ankadya nthawi zonse popanda vuto. Anandipatsa paketi imodzi.

"Werengani nyuzipepala yanu."

Ndinawerenga mbali zonse, kawiri. Mawu aja munalibe. Wina anachotsa mabisiketi oyamba aja m'beseni lija n'kulibweretsa kuti akhuthuliremo atsopanowa, aneba n'kumubweza: "Mwagwa nyenyeswa umo! Tigawa kuchokera m'mapaketi."

Mpaka lero ndimawathokoza amayi amenewa, ngakhale basi yotsatira itaima tinakanganabe. Iwo ndiwo anapita ku muzu kuja, n'kumudzutsa mwana wanga, n'kumusasa fumbi pa diresi. Anamubwezera pamalo pake penipeni, pakati pa mzere. Mwanayo anasuntha pang'onopang'ono ndi anzake, anatambasula manja awiri, analandira zofanana ndi za wina aliyense, ndipo palibe mwana amene anamuyang'ana.