Tebulo lopinda la achimwene

Achimwene anga aakulu ndi kalipentala. Kushedi amawatcha Injiniya, chifukwa sangakhome chitseko osaganiza zochisintha penapake. Agwira ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri m'shedi ya mwini wake, pensulo kukhutu, utuchi m'tsitsi, akuika padera kangachepe mwezi ndi mwezi.

Chaka chatha anapanga tebulo lopinda. Ukalipinda limakhala ngati sutikesi, chogwirira pamwamba. Ankati ndi la amayi ogulitsa mumsika. Anaganiza zotenga ndalama zonse zimene anasunga, kugula sowo yamagetsi, matabwa ndi mahinjesi a matebulo makumi anayi, n'kusiya ntchito.

Alamu anga, akazi awo, anabwera kunyumba kwanga ndikusita zovala za anthu, poti ndiyo ntchito yanga chimwalirire amuna anga.

"Alamu, kayankhuleni nawo," anatero. "Ine ndikatsegula pakamwa akuti ndilibe masomphenya. Masomphenya tidzalipira lendi?"

Ine sindine woyankhula. Koma ndinapita, ndikuwapeza akutambasula tebulolo pakhonde, anzawo atatu akuombera m'manja.

"Aliyense walikonda," anatero achimwene. "Ndafunsa anthu oposa makumi atatu."

"Munawafunsa kuti chiyani?"

"Kuti n'labwino kapena ayi."

"Mtengo munatchula?"

Anandiyang'ana ngati ndawaponda chala. Anthu amene anawafunsawo anali anzawo a kushedi, apongozi awo, ometa tsitsi. Panalibe ndi mmodzi yemwe wogulitsa mumsika. Ndinakumbukira malemu amuna anga ndi nyali zawo zimene aliyense anaziyamikira. Makatoni awiri akadali pansi pa bedi langa.

Ndinati, maso ali pansi: "Litengeni limodzi lomweli mupite nalo kumsika kumene sakudziwani. Mutchule mtengo weniweni. Wolifuna apereke theka lero, tebulo adzalandire pakatha sabata. Tigwirizaniretu nambala tisanapite. Akakwana khumi, gulani sowo."

"Khumi? Iwe, tsiku limodzi lokha ndipeza makumi awiri."

Tinapita masiku atatu, ine ndili kumbuyo ndi kope lolembamo mayina. Anthu ankaunjikana. Achimwene amapinda, kutambasula, kupindanso, thukuta lili kamukamu.

"Eee, koma bambo inu muli ndi mutu!" anatero mayi wa tomato.

"Ndiye ndikulembeni, mayi? Theka lero."

"Lero ayi. Mubwere kumapeto kwa mwezi."

Tsikulo linali lomaliza la mwezi. Achimwene atawakumbutsa, mayiwo anaseka mpaka kugwira m'chiuno.

"Achimwene, kunena zoona," anatero mayiwo, "benchi langali ndinakhoma ndi matabwa otola. Limagona pompano, palibe angalibe. Lanulo ndizikwera nalo minibasi tsiku ndi tsiku, kondakitala azindilipiritsa ngati ndanyamula mwana wamkulu?"

Wa anyezi anati alisiye aliyese kaye mwezi umodzi. Wina analigwedeza, likutsimphina pa nthaka yokumbikakumbika ya mumsikamo, n'kunena kuti likufunika ndodo. Ambiri ankangoti, "Mukapanga ambiri tidzagula." Achimwene ankafuna kuti amenewo ndiziwalemba. Ndinakana. Mumsewu achimwene anandikalipira kuti nkhope yanga yamaliro ndiyo ikuthamangitsa makasitomala. Mawuwo anandilasa.

Tsiku lachitatu anatsitsa mtengo mpaka kutsala wa matabwa ndi mahinjesi basi, thukuta lawo laulere. Apo ndiye anthu anayi anatulutsa ndalama. Ndinawanong'oneza kuti pa mtengo umenewo sowo sidzabweza ndalama zake. Ankadziwa okha. Anawabwezera anayiwo ndalama zawo. Pa mtengo weniweni analipira munthu mmodzi yekha, bambo wogulitsa makhava a foni amene amayendayenda m'misika.

Sowo sanagule. Tebulo la bamboyo analipanga ndi zipangizo za kushedi, madzulo ataweruka, n'kukapereka tsiku limene analonjeza. Ndalama zili pomwe zinali. Alamu anga ananditumizira sopo wochapira, koma achimwene anatha masabata atatu osandipatsa moni.

Kenako tsiku lina m'mawa anafika ndi tebulo loyamba lija, n'kuliika pakati pa chipinda changa.

"Uzisitirapo. Likungondiyang'ana kunyumba."

Ndinayalapo bulangete. Ndi lalitali bwino, msana suwawa.

"N'labwinodi," ndinatero.

"Ukanagula?"

Ndinayang'ana simbi. "Ayi. Ndili nalo kale lina."

Anapumira m'mwamba, nakhala pa mpando, n'kuchotsa pensulo kukhutu. Anayamba kujambula kuseri kwa katoni ya sopo.

"Oyendayenda aja alipo angati m'tauni muno? A mafoni, a mawotchi?"

"Sindikudziwa."

"Loweruka ubwere ndi kope lako lija. Koma nkhopeyo ukaisiye kunyumba."