Anti Nasimango Alanda Chikho pa Siteji

Amzanga, pezani pokhala, foni ikhale kaye m'thumba. Inde, ndikunena ine amene ndimadya foni ili kumanja. Mvetserani zimene ndaona Loweruka.

Kuno ku Leicester tili ndi kagulu ka zisudzo ka Amalawi. Wotitsogolera ndi Thoko, mtsikana amene anaphunzira zisudzo ku yunivesite. Chaka chino analemba sewero lachisoni motsata kachitidwe ka Agiriki akale, ine n'kundiika mu kolasi. Ndinkaganiza kuti ndi kwaya basi. Ayi ndithu! Ndinachita kuonera mavidiyo pa buleki kuntchito, ku weyahausi yosungira katundu ku Corby, kuti ndimvetse.

Kolasi ndi gulu la anthu wamba a m'nkhanimo. Kale ankakhala khumi ndi awiri kapena khumi ndi asanu, ife tinapezeka seveni chifukwa cha mashifiti. Timalowa tikuyimba, ndipo tikalowa sitichokanso mpaka sewero lithe. Timauza oonera zimene zinachitika sewero lisanayambe. Osewera akatuluka, ife timayimba za zimene zangochitikazo, ndime ina tikusuntha kupita kumanja, ndime yoyankha tikubwerera kumanzere. Tikhoza kudandaula, kuchenjeza, ngakhale kuuza mfumu kuti yanyanya, kudzera mwa mtsogoleri wa kolasiyo, amene ndi ine. Koma kulowererapo ndi manja, ayi.

M'sewero lathu ndife amayi otunga madzi. Mfumu yathira poizoni m'chitsime kuti iphe adani amene akubwera, ndipo yatilumbiritsa kuti tisaulule. Oonera akudziwa zonsezi, poti tawauza ndife m'nyimbo. Kenaka akutulukira mwana wamkazi wa mfumuyo, wochokera ulendo, ludzu lili khosi gwa. Akutunga madzi, akulowa nawo m'nyumba. Imfa simaonetsedwa pa siteji, amabwera ndi mthenga kudzaifotokoza. Ife ntchito yathu n'kungoyimba kuti mwana iwe, si madzi onse amene amapha ludzu.

Tsono mu kolasimo muli Anti Nasimango, amene agwira ntchito ya keya, yosamalira okalamba, ku Wigston zaka zambiri. Pa rihesalo iliyonse ankang'ung'udza.

"Thoko mwanawe, anthu seveni athunthu tingoyang'ana? Kuntchito kwathu ukaona chikho cholakwika osanena, mawa lake ulibe ntchito."

"Anti, mwalumbira kwa mfumu."

"Walumbira ndi iwe. Ine unangondipatsa pepala."

Loweruka masana holo ya tchalitchi inadzaza. Tinayimba bwino, ine mpaka tsembwe. Mwana wa mfumu anatunga madzi aja m'chikho n'kuyamba ulendo wa kukhomo. Ndili pakati ponena mawu anga, ndinangomva mphepo kumanzere kwanga. Anti!

Anachita kudumpha chingwe cha sipika, chikho chija tsomphoo! "Taya! Bambo ako ndi mfiti!"

Holo yonse nthungululu. Ana obadwira kuno, amene Chichewa amangomva osayankha, anaimirira pamipando. Ndiye poti mthenga wathu anali kuseri osaona kanthu, analowa pa nthawi yake akulira, "Wafa! Mwana wa mfumu wafa!" Womwalirayo ali poteropo, akupukuta madzi pa diresi.

Ine ndinaseka mpaka chigoba chakumaso chimene timavala mu kolasi chinapendekeka. Thoko sanaseke.

Titatha anatikhazika pansi. Akuti oonera ndi kolasi ali m'bwato limodzi: onse akudziwa, onse sangathe kuletsa. Ululu umenewo ndiye sewerolo. Kolasi imalira m'malo mwa anthu ali pamipando, n'kuwathandiza kufunsa kuti zafika bwanji pamenepa. Mukalanda chikho, anthu aseka, apita kwawo, za mfumu yoika poizoni m'chitsime cha anthu ake omwe aiwala.

Ndinamumvetsa. Koma m'basi pobwerera nditatsegula foni, ndinachita manyazi pang'ono. Magulupu athu a pa foniwa si kolasi kodi? Timadziwa mbiri ya aliyense kuyambira ku Area 25. Timaona mnzathu akugwira mashifiti atatu motsatizana, maso ali psuu, n'kumayendetsa galimoto. Timayimbirana ku inibokosi kuti ameneyu zimuonekera. Zikachitika, timasuntha kumanja, timasuntha kumanzere, "ife tinkadziwa." Kusiyana kwake n'kwakuti ifeyo palibe mfumu inatilumbiritsa. Pa siteji kukhala chete ndi luso. Pa gulupu ndi chiyani?

Tsono nayi nkhani yandisowetsa mtendere. Loweruka likubwerali tikukasewera ku Hyson Green. Anti sitingawasiye, nyimbo zonse amayambitsa ndi iwo, ife enafe mawu athu ndi a m'bafa. Thoko wanena kuti sewero likasokonekeranso, iye basi, gulu lithe. Ndiye wandipatsa ntchito: mwana wa mfumu akangonyamula chikho, ine ndigwire nsonga ya chitenje cha Anti, ndisataye.

Anti nawo andiimbira dzulo. "Mwanawe, ndamva za pulani yanu. Dzanja limenelo ukalifunabe, ulisunge m'thumba."

Amzanga, mukanakhala inu, chitenjecho mukanagwira kapena mukanataya?