Ndinapepesa bambo anga pa voisi noti

Inu owerenga, ine ndine mmodzi wa anthu amene pakamwa pamathamanga kuposa mutu, ndipo zandipweteketsa. Pa maliro a amayi, kumudzi kwathu kuseri kwa Bembeke, ndinauza bambo anga pamaso pa anthu kuti anachedwa kupita ndi amayi kuchipatala chifukwa chokonda kukumba mbatata yawo ya kachewere. Bambo anangowerama. Ndinabwerera ku Chimbiya komwe ndimasoka zovala, ndipo chaka chinatha tisanalankhulane.

Mtima utayamba kundigunda, ndinafuna kupepesa. Kupita konko ndinkachita manyazi, ndiye ndinati foni indithandize. Poyamba ndinalemba meseji. Ubwino wa meseji umafufuta n'kukonza mpaka mawu ataongoka, koma nditaiwerenga inali youma ngati kalata yofunsira ntchito. Komanso maso a bambo anafooka, akanapatsa munthu wina kuti awawerengere, kupepesa kwanga n'kutulukira pakamwa pa eni.

Kuimba ndiye kunali koyenera, ndipo ndinkadziwa. Bambo ali ndi kafoni kamabatani, netiweki imagwira bwino akaima pachulu cha kuseri kwa khola, mayunitsi ndinali nawo. Koma pa foni sufufuta. Ukalira walira, akakukalipira uyenera kumva. Kangapo konse ndinafika pa dzina lawo, chala n'kukana.

Ndiye ndinadziona wochenjera posankha voisi noti, ija umajambula mawu n'kutumiza. Ndinati amva mawu anga enieni koma ine sindikumana ndi yankho lawo. Ndinatseka shopu masana, n'kujambula kasanu ndikufufuta. Yachisanu ndi chimodzi ndinalira ndithu, ndinawauza kuti ndinalakwa, kuti ndikudziwa mmene ankawakwezera amayi panjinga m'zitunda zija, kuti ndawasowa. Popeza kafoni kawo sikalandira zotere, ndinatumiza pa Watsapu ya alamu anga, akazi a achimwene.

Masiku atatu panali katiki kamodzi, kusonyeza kuti uthenga sunafike, alamu analibe bando. Tsiku lachinayi matiki anakhala awiri, kenako kachizindikiro kanasanduka kabuluu, kutanthauza kuti aumvera. Ndinadikira yankho, koma kunali zii. Madzulo ake alamu anandifulasha kawiri. Poti iwowo amafulasha akafuna mayunitsi, ndinangoti ayambapo, osaimba. Mumtima ndinagamula kuti bambo andikana, ndipo ndinapsanso mtima, ine wolakwa yemwe.

Patatha milungu itatu achimwene anandiimbira kuti bambo agwa kudimba, achita sitiroko. Ndinawapeza kuchipatala ali maso, akundizindikira bwinobwino, koma lilime litagwidwa. Mpaka lero salankhula.

Tili panja pa wodi, alamu anandifotokozera zomwe zinachitika tsiku lija. Anawapititsira bambo foni pakhonde n'kuwatsegulira uthenga. Bambo atangomva mawu anga anavula chipewa, n'kuigwira foniyo ndi manja awiri. Iwo ankayesa ndili pa laini. Ine ndikulira mu foni, iwo ankandiyankha.

"Tonthola, mwana wanga, tonthola. Zimenezo zinapita ndi maliro. Ubwere udzatenge mbatata, ndakusungira yabwino."

Mawu anga atatha, akuti anakhala akuitana, "Halo? Ukundimva kodi?"

Alamu anawauza kuti ndi zojambula chabe. Anafuna kuti ajambule yankho lawo, koma kabando kanali ka tsiku limodzi ndipo kanali katatha. Bambo anati asavutike, mwana amene walira chonchi aimba yekha, ingomufulashani. Akuti sabata yonseyo ankapita kudimba ndi kafoni kawo m'thumba la malaya, chinthu chomwe sankachita, ndipo pobwerera ankayamba aima pachulu paja.

Ndinalowa mu wodi n'kugwada pambali pa bedi. Ndinapepesanso, ulendo uno pamaso. Anandisisita kumutu ndi dzanja lomwe likugwira ntchito, misozi ikutsikira m'makutu mwawo. Ndikudziwa kuti anandikhululukira, sindikayika. Chimene chimandiwawa n'choti mawu okhululukawo anawanena, momveka bwino, koma ine ndinawamva kuchokera kwa alamu.

Abale anga, sindikunyoza meseji. Ndi yabwino pouza munthu kuti diresi lake latha kusokedwa. Voisi noti nayo imathandiza pamene winayo ali wotanganidwa, amvera nthawi yake, bola akhale ndi foni yake ndi bando. Koma mawu ofuna yankho, monga kupepesa, musawatumize njira yoti inu mulankhule nokha n'kuthawa. Ndipo mukaona zii musafulumire kugamula, mwina kwangotha bando.

Masiku ano ndimaimba Lamulungu lililonse alamu akaweruka ku Misa. Iwo amawaikira bambo foni kukhutu, ine ndimasimba za makasitomala anga ovuta, kenako ndimakhala chete kuwapatsa mpata. Ndimangomva kupuma kwawo, nthawi zina kakuseka kapansipansi. Ngati muli ndi kholo limene likadatha kukuyankhani, imbani lero, ngakhale mawu anu anjenjemere.